Kumasulira Uthenga Osauzidwa Amene Akaumve

Anthu amene amadya za ntchito yomasulira amaudziwa bwino uthenga uwu. Umafika pafoni madzulo, nthawi zambiri kuchokera kwa munthu wa mu ofesi amene naye wapanikizidwa ndi abwana ake: "Achimwene, tamasulirani aka m'chilankhulo chathu, tikukafuna mawa m'mawa." Pansi pake pamakhala chithunzi cha pepala kapena ziganizo zitatu zokopedwa kwina. Palibe chonena kuti analemba ndani, chilankhulo "chathu" ndi chiti, kapenanso kuti mawuwo akukalankhulidwa kwa mfumu, kwa mwana wasukulu kapena kwa khamu la pamsika.

Wotumayo saona kuti wasiya kanthu. M'mutu mwake zonse zilimo: mudziwo akuudziwa, anthuwo anakhalapo nawo pansi pa mtengo, ndipo akudziwa chimene chinachitika mwezi watha chomwe chachititsa kuti chidziwitso chilembedwe. Womasulira ali ndi mawu okha. Akapanda kufunsa, mipata yonse yosiyidwayo amaidzaza ndi zongoganizira, ndipo zongoganizirazo zimatuluka zitalembedwa bwino, zooneka ngati zoona. Wodzavutika nazo ndi mayi wa kumudzi amene adzafike pamsonkhano tsiku lolakwika, kapena mfumu imene idzalandire kalata yoilamula ngati mwana.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti bungwe lina lokumba mijigo latumiza kwa womasulira chidziwitso cha m'Chingerezi. Mfundo zake ndi izi: msonkhano wa za mjigo wasunthidwa, ukhala pa 05/06 nthawi ya 2 koloko pasukulu, wolandira uthenga ayenera kubweretsa chopereka cha K2,000, amene sapereka sadzaloledwa kutunga madzi. Ndi mawu osakwana makumi anayi, ndipo munthu wodziwa Chingerezi angaganize kuti ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Mawuwa achokera kuti?

Funso la chilankhulo chimene uthenga wachokera limaoneka lopanda pake pamene pepala likuonekeratu kuti ndi la Chingerezi. Koma taonani tsiku lija, 05/06. Kuno kwathu, monganso ku Britain, timayamba ndi tsiku kenako mwezi, choncho tingawerenge kuti 5 Juni. Ku America amayamba ndi mwezi, ndipo manambala omwewo amatanthauza 6 Meyi. Pakati pa masiku awiriwa pali mwezi wathunthu. M'mabungwe momwe mumagwira ntchito anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, kudziwa kuti ndi Chingerezi sikukwanira. Muyenera kudziwa kuti ndi Chingerezi cha ndani. Njira yachidule ndi kufunsa kuti msonkhanowo uli Lachingati, popeza tsiku la sabata limaulula msanga mwezi umene wolembayo ankanena.

Palinso mapepala amene anamasuliridwa kale asanafike kwa inu. Chidziwitso chochokera ku Tete kapena ku Niassa chikhoza kuti chinalembedwa m'Chipwitikizi, wina n'kuchitembenuzira m'Chingerezi mothamanga, kenako n'kubwera kuti chilowe m'Chichewa. Cholakwika chilichonse cha womasulira woyamba chimalowa mwa wachiwiri osadziwa. Zizindikiro zake zimaoneka kwa amene wazolowera: ziganizo zimakhala zazitali modabwitsa, maudindo a anthu amakhala osagwirizana ndi a kuno, ndipo manambala amalembedwa mwachilendo, chifukwa m'Chipwitikizi kachizindikiro kamene ife timalekanitsira masauzande iwo amalekanitsira nambala yathunthu ndi zidutswa zake. Womasulira akaona zotere amapempha pepala loyambirira, ngakhale atakhala kuti Chipwitikizi amangochimva pang'ono, kuti aone manambala ndi mayina mmene analili.

Vutoli limakula uthenga ukakhala wa m'chilankhulo cha kuno ku Africa, makamaka ukakhala waufupi kapena wojambulidwa mawu pafoni. Zilankhulo zathu ndi zapachibale. Nyumba, moto ndi nyama ndi mawu a Chichewa, komanso ndi a Chitumbuka ndi Chiswahili. Kufanana kotereku kumapatsa munthu chidaliro choti akumva, mpaka atakumana ndi mawu ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo. M'Chibemba, *ukulanda* ndi kulankhula, pamene kwa ife kulanda ndi kutenga chinthu mokakamiza. M'Chiswahili *ndege* ndi mbalame komanso ndege yokwera. Womasulira woona mtima akapatsidwa mawu ojambulidwa ku Copperbelt amanena poyera kuti ichi ndi Chibemba, apezereni wina. Kumva theka n'kuganizira theka linalo sikumasulira.

"Chilankhulo chathu" ndi chiti?

Mawu akuti "chilankhulo cha anthu akumeneko" amalembedwa kwambiri m'makalata a mabungwe, ngati kuti dziko lililonse lili ndi chimodzi. Mjigo wathu uja ukakhala ku Karonga, ku Nsanje kapena ku Mangochi, yankho limasintha. Anthu ambiri kumeneko Chichewa amachimva, koma nkhani ya ndalama ndi chilango munthu amaimvetsa bwino, ndipo amailandira bwino, m'chilankhulo chimene amakambirana kunyumba.

Ngakhale dzina la chilankhulo litatchulidwa, nkhani siinathe. Wina akati akufuna Chitonga, ayenera kunena Chitonga chake. Chitonga cha ku Nkhata Bay ndi chapachibale ndi Chitumbuka, ndipo madzi amati *maji*. Chitonga cha kumwera kwa Zambia ndi m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe ndi chilankhulo china, ndipo kumeneko madzi ndi *meenda*. Kulinso chilankhulo cha pa zilumba za Tonga m'nyanja ya Pacific, chimene sichigwirizana ndi ziwirizi ngakhale pang'ono. Ndi chifukwa chake makampani omasulira amagwiritsa ntchito zizindikiro za zilembo zimene mayiko anagwirizana: Chitonga cha ku Malawi ndi `tog`, cha ku Zambia ndi `toi`, cha pa zilumba chija ndi `ton`. Munthu wa ku ofesi yakutali amene akusankha pa mndandanda wa pakompyuta akhoza kudina dzina loyamba limene waliona, ntchito n'kupita kwa womasulira wa tsidya lina la dziko lapansi.

Chichewa chathu chomwechi chizindikiro chake ndi `ny` kapena `nya`, kuchokera ku dzina loti Chinyanja, ndipo pansi pa chizindikiro chimodzichi pali malankhulidwe angapo. Kuno ku Malawi dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968, pamene chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko. Ku Zambia chinapitiriza kutchedwa Chinyanja, ndipo ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma limagwiritsa ntchito m'zigawo. Ku Mozambique nakonso ndi Chinyanja, pamene ku Zimbabwe malamulo aakulu a dziko a mu 2013 amachitchula pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Kalembedwe kamasiyana: pamene ife timalemba *ch*, ku Zambia ndi ku Mozambique kalembedwe kovomerezeka kamaika *c* yekha, motero Chinyanja chimakhala *Cinyanja*. Izi zokha sizilepheretsa munthu kumva, koma zimamuuza nthawi yomweyo kuti pepalali silinalembedwere iye.

Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka ndi nkhani inanso. Chinatenga mawu ambiri ku Chinsenga ndi ku Chibemba: madzi ndi *manzi*, tsopano ndi *manje*, ndipo *mailo* amatanthauza dzulo komanso mawa, malinga ndi chiganizo. Chidziwitso cholembedwa m'Chichewa cha m'mabuku chikawerengedwa m'makomboni a ku Lusaka chimamveka ngati ulaliki wa kumudzi, ndipo mawu ena achinyamata sawamva. Cholembedwa m'Chinyanja cha m'tauni chikafika kwa agogo a ku Dowa chimamveka ngati chibwana. Ndiye pali ndalama ija. Malawi ndi Zambia onse ndalama yawo ndi kwacha, onse amalemba K, koma K2,000 imene kuno ndi chopereka wamba cha pamjigo, ku Chipata ndi ndalama yoti banja lingakhalire pansi kukambirana. Kwa bungwe logwira ntchito mbali zonse ziwiri za malire a Mchinji, dziko liyenera kutchulidwa womasulira asanalembe liwu ndi limodzi lomwe.

Iwe kapena inu

Pa zinthu zitatu zimene zimasiyidwa, chimene chimaiwalika kwambiri ndi kalankhulidwe, ndipo kwa ine ndi chimene chimawononga kwambiri. Chilankhulo chikalakwika, cholakwikacho chimaoneka tsiku lomwelo, pepala n'kubwezedwa. Kalankhulidwe kakalakwika, pepala limadutsa m'manja mwa aliyense mu ofesi popanda wodandaula, chifukwa mfundo zonse zilimo. Limakapweteka kumudzi, ndipo anthu akumudzi kawirikawiri salemba kalata yodandaula. Amangosiya kubwera kumisonkhano.

Gwero la vutoli lili m'kapangidwe ka zilankhulo ziwirizi. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lolozera amene ukulankhula naye, kaya ndi mwana, kaya ndi apongozi, kaya ndi mpingo wonse. Wolemba m'Chingerezi akhoza kumaliza kalata yonse osasankha kuti munthuyo amulemekeza motani. Chichewa sichilola zimenezo. Mneni woyamba amene mungalembe wasankha kale: bwera kapena bwerani, ubweretse kapena mubweretse. Ndipo pakati pa mawu aulemu omwewo pali makwerero. "Bwerani" ndi lamulo laulemu. "Mubwere" ndi lofewerapo. "Mukupemphedwa kubwera" ndi mawu a ofesi, osaonetsa nkhope ya wopempha. "Tikukupemphani kuti mubwere" amaonetsa kuti pali anthu amene akupempha. "Timati tikudziwitseni kuti kuli msonkhano" salamula n'komwe, amasiyira womverayo kuti aone yekha chochita. Ziganizo zonsezi zikhoza kuchokera ku chiganizo chimodzi cha Chingerezi, ndipo palibe dikishonale imene ingakuuzeni choyenera.

Amene anatumidwapo kukanena uthenga wa maliro amazidziwa izi popanda kuphunzitsidwa. Mfundo imakhala imodzi, koma mmene amaitulira kwa mfumu, mmene amauzira mwana wa malemu amene ali kutali, ndi mmene amalengezera kwa anthu a m'mudzi woyandikana ndi zosiyana, ndipo palibe amene anganene kuti wasintha uthenga. Womasulira amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi, kungoti nthawi zambiri amatumidwa osauzidwa khomo limene akukagogoda.

Akatswiri a maphunziro a kumasulira anazilemba kalekale. Hans Vermeer ndi Katharina Reiss a ku Germany, m'buku lawo la mu 1984, anatsindika kuti chimene chimalamulira kamasuliridwe ndi ntchito imene mawuwo akukagwira kwa owalandira. Christiane Nord anapitiriza ganizoli ponena kuti womasulira ayenera kupatsidwa malangizo a ntchito: owerenga ndani, akawerengera kuti, liti, kudzera m'njira yanji, ndiponso n'cholinga chotani. Muyezo wa ntchito yomasulira umene mayiko amatsata, ISO 17100, umene unatuluka mu 2015, umafuna kuti zinthu zotere zigwirizanidwe ntchito isanayambe, komanso kuti munthu wachiwiri aunike zomasuliridwazo poyerekeza ndi zoyambirira.

Umboni wake tili nawo m'nyumba zathu. *Buku Lopatulika* la mu 1922 ndi *Buku Loyera* la mu 1998 onse ndi Baibulo, onse ndi a m'chilankhulo chathu, koma samveka mofanana. Loyambalo limatsatira kwambiri kayalidwe ka mawu a zilankhulo zoyambirira, pamene lachiwirilo linalembedwa kuti limveke m'Chichewa cha masiku onse ndiponso kuti ligwiritsidwe ntchito ndi Akatolika ndi mipingo ina pamodzi. Ngakhale dzina la Mulungu analisankha mosiyana: loyamba limati Yehova, lachiwiri limati Chauta. Omasulira a mabuku awiriwa anali ndi owerenga osiyana m'maganizo, ndipo kusiyanako kumamveka pa tsamba lililonse.

Mafunso a mphindi zitatu

Tibwerere ku mjigo. Womasulira wodziwa ntchito sayamba kulemba, amaimba foni. Kukambirana kwake sikutalika.

"Mayi, ndalandira. Mjigowu uli kuti?"

"Ku Mchinji, achimwene, mbali ya kuno."

"Ndiye ndi Chichewa, ndipo ndalamayo ndi ya Malawi. Msonkhano uli Lachingati?"

"Dikirani ndione. Lachitatu, pa 6 Meyi. Analemba ndi mnzathu wochokera ku America."

"K2,000 imeneyi ndi ya munthu aliyense kapena ya pakhomo?"

"Ya pakhomo."

"Nanga uthengawu ukupita kwa ndani, ndipo ukafika bwanji?"

"Kalata ipite kwa a gulupu. Kenako alengeze kutchalitchi Lamulungu, ndipo amene ali ndi mafoni tiwatumizira."

"Funso lomaliza, mayi. Zoti osapereka asatunge madzi anagamula ndani?"

"Anagwirizana okha eni mudzi pamsonkhano wapita."

Taonani zimene zatuluka. Tsiku limene womasulira akanalemba mwachizolowezi, 5 Juni, linali lolakwika. Liwu la Chingerezi lija losasiyanitsa mmodzi ndi ambiri linabisa ngati chopereka ndi cha munthu kapena cha banja, ndipo pakhomo pa akuluakulu anayi kusiyana kwake ndi K2,000 ndi K8,000. Chilango chimene papepala chimaoneka ngati chiopsezo cha bungwe ndi pangano la anthu eni ake. Chachikulu koposa, zaoneka kuti ntchitoyi si imodzi. Pakufunika zolemba zitatu.

Kalata ya kwa a gulupu singawalamule kubwera, ndipo singawauze za chilango ngati kuti iwo ndi amene akuopsezedwa. M'mudzi mwawo msonkhano suitanidwa iwo asanadziwe. Ikhoza kuyenda motere:

*Kwa a Gulupu. Zikomo, mfumu yathu. Timati tikudziwitseni kuti msonkhano wa za mjigo uja wasunthidwa. Ngati nkotheka kwa inu, tikufuna uchitike Lachitatu pa 6 Meyi, nthawi ya 2 koloko masana, pasukulu. Tikupempha kuti mutithandize kukumbutsa anthu anu kuti khomo lililonse lidzabwere ndi K2,000 ya chopereka, monga mmene munagwirizanirana pamsonkhano wapita, kuti amene sapereka ayambe waleka kutunga madzi. Tidzathokoza mukadzakhala nafe. Ndife ana anu, a komiti ya mjigo.*

Wina anganene kuti apa womasulira wawonjezera zake, popeza m'Chingerezi munalibe "ngati nkotheka kwa inu" kapena "ndife ana anu". Ndi zoona kuti mawuwo munalibe. Koma wolemba Chingerezi uja sankafuna kunyoza mfumu, ndipo kalata yopanda mawu amenewa m'Chichewa ndi yonyoza. Kuti cholinga cha wolemba chifike chili chathunthu, ulemu umene Chingerezi sichinaulembe uyenera kulembedwa. Malire ake ndi awa: womasulira akhoza kusintha mavalidwe a uthenga, koma tsiku, ndalama, malo ndi chilango sazikhudza. Ndipo mawu ngati "ngati nkotheka kwa inu", amene akupatsa mfumu mpata wosintha tsiku, ayenera kuonetsedwa kwa mwini ntchito kuti avomereze.

Chilengezo cha kutchalitchi ndi cha makutu. Womvera sangabwerere m'mbuyo kukaonanso tsiku monga amachitira wowerenga, ndipo ana akulira, ena akulowa kumene. Choncho ziganizo zimafupika, manambala amanenedwa mmene anthu amawatchulira, ndipo mfundo yofunika imabwerezedwa:

*Abale ndi alongo, tamverani za mjigo. Msonkhano uja wasintha tsiku. Tsopano ukhala Lachitatu likubwerali, pa 6 Meyi, 2 koloko masana, pasukulu. Khomo lililonse libwere ndi K2,000. Tikumbukire zimene tinagwirizana tokha, kuti amene sapereka sadzatunga madzi. Tibwereze: Lachitatu likubwerali, 2 koloko, pasukulu.*

Liwu loti "tinagwirizana" likugwira ntchito yaikulu pamenepa. Womasulira akanatsata Chingerezi n'kulemba kuti "amene sapereka sadzaloledwa kutunga madzi", mpingo ukanamva kuti anthu a galimoto aja akuopseza kutseka mjigo. Iye sakanadziwa kuti pali pangano akanapanda kufunsa.

Uthenga wa pafoni uli ndi malire ake a zilembo. Uthenga wamba umodzi umalola zilembo 160, kuphatikizapo mipata, ndipo ukapitirira umagawika n'kulipiridwa ngati awiri. Mawu a Chichewa ndi aatali, motero zimene zinakwana m'Chingerezi kawirikawiri sizikwana. Palinso msampha umene ambiri saudziwa: chilembo cha *ŵ* sichili m'gulu la zilembo wamba za mauthenga a pafoni, ndipo chikangolowa kamodzi, malire amatsika kufika pa zilembo 70. Womasulira amene wauzidwa kuti ndi za pafoni amalemba *w* wamba. Akhoza kupereka izi:

*Moni. Msonkhano wa mjigo wasintha: ukhala Lachitatu pa 6 Meyi, 2 koloko masana, pasukulu. Chonde bweretsani K2,000 ya pakhomo panu. Zikomo. Komiti ya mjigo*

Uthengawu uli ndi zilembo 155, koma chilango chija mulibe. Kuchichotsa si chiganizo cha womasulira. Iye amauza mwini ntchito kuti mfundo zonse sizikwana mu uthenga umodzi, ndiye asankhe: alipire mauthenga awiri, kapena za chilango zisiyidwire chilengezo cha kutchalitchi ndi a gulupu.

Mungadziwe bwanji kuti zalakwika?

Mabungwe ambiri amayesa zomasuliridwa pozipereka kwa munthu wina kuti azibwezere m'Chingerezi, kenako amayerekeza ndi zoyambirira. Njira imeneyi imagwira zina: nambala yosinthika, chiganizo chodumphidwa, dzina la malo lolakwika. Koma kalankhulidwe siikaona. "Ubwere ndi ndalama yako" ndi "mubwere ndi ndalama yanu" zikabwerera m'Chingerezi zimatuluka chiganizo chimodzimodzi. Kalata yotchula mfumu kuti iwe ikhoza kupambana mayeso amenewa popanda chilema, abwana n'kusayinira. Chimodzimodzinso tsiku lija: 5 Juni akabwerera ngati 05/06, aliyense amaona kuti zagwirizana.

Mayeso amene ndimawakhulupirira ndi otchipa. Pezani munthu wofanana ndi amene akalandire uthengawo, amene sanaone Chingerezicho, kaya ndi mlonda wa pa ofesi wochokera dera limenelo kapena mayi wogulitsa mandasi panja. Muwerengereni kamodzi mokweza, ndipo musamufunse ngati wamva, chifukwa mwaulemu adzati wamva. Mufunseni kuti akulankhula ndani, akuuza ndani, munthuyo achite chiyani, ndiponso liti. Akayankha kuti "akutikalipira kuti tilipire", pamene inu mumafuna kukumbutsa, kalankhulidwe kalakwika. Akafunsa kuti ndalamayo ndi ya aliyense kapena ya banja, ndiye kuti chiganizocho chikadali ndi mpata. Pa kalata ya kwa mfumu, funsani munthu wachikulire ngati angalimbe mtima kukaipereka ndi manja ake.

Zina zimaoneka ndi maso. Pepala lomasuliridwa popanda malangizo limasinthasintha: ndime yoyamba ikuti inu, yachitatu ikuti iwe, chifukwa womasulira analibe munthu mmodzi m'maganizo. Limadzaza ndi aneni obisa wochita, monga "kudzachitidwa" ndi "zidzaperekedwa", popeza sanauzidwe amene akulankhula. Nthawi zina limasakaniza kalembedwe ka ku Malawi ndi ka ku Zambia, chizindikiro choti anthu awiri anagawana ntchito popanda wowauza dziko.

Wotumayo akapanda kuyankha

Zimachitika kuti foni ya mwini ntchito yazima, nthawi ikutha, ndipo womasulira ayenera kuperekabe kanthu. Apa ntchito imasiyana malinga ndi chimene chikusowa. Ngati chosadziwika ndi chilankhulo chimene akufuna, palibe choyambira. Kumasulira masamba khumi m'Chichewa pamene amafuna Chiyao ndi kutaya tsiku la anthu awiri. Ngati chosadziwika ndi nambala, tsiku kapena mlingo wa mankhwala, womasulira sasankha. Amasiya malowo ataikapo chizindikiro chooneka bwino, kuti pepalalo lisathe kusindikizidwa wina asanayankhe.

Kalankhulidwe kokha ndi kamene angayerekeze, ndipo njira yosapweteka ndi inu waulemu wapakati, wopanda mawu a m'tauni komanso wopanda miyambi yozama. Mwana akatchulidwa kuti inu amangodabwa pang'ono, pamene wamkulu akatchulidwa kuti iwe amakhumudwa. Ngati uthenga ndi waufupi ngati wa mjigowu, kulemba mitundu iwiri, wa kwa akuluakulu ndi wa khamu, kumatenga mphindi zochepa ndipo kumathandiza wotumayo kuona yekha kusiyana kumene sankakuganizira.

Chofunika n'chakuti zongoganizirazo zisabisike. Pamwamba pa ntchito payenera kukhala mawu ochepa opita kwa mwini wake, onga awa: "Mayi, ndamasulira m'Chichewa cha ku Malawi, poganiza kuti owerenga ndi akuluakulu a kumudzi ndipo awerenga papepala. Ngati ndi kalata ya kwa mfumu kapena uthenga wa pafoni, mundiuze ndikonzenso. Tsiku ndalisiya mmene lilili chifukwa likhoza kukhala 5 Juni kapena 6 Meyi. Sindinalembe ngati K2,000 ndi ya munthu kapena ya pakhomo. Chonde musasindikize musanandiyankhe pa ziwirizi."

Kwa amene amatuma ntchito, kupewa zonsezi kumangofuna mizere iwiri pamwamba pa uthenga: "Chachokera m'Chingerezi, analemba mnzathu wa ku America. Tikufuna Chichewa cha ku Malawi, cha anthu a ku Mchinji. Ndi kalata ya kwa a gulupu yochokera ku komiti ya mjigo, ikhale yaulemu, ndipo tikufunanso chilengezo cha kutchalitchi ndi uthenga wa pafoni wosapitirira zilembo 160." Ngati pali kalata ina imene inapitapo kale kwa a gulupu omwewo, itumizeni pamodzi, kuti womasulira aone mmene munawatchulira ndi mawu amene munagwiritsa ntchito ponena za chopereka.